Wolankhula akadzikonza pakati pa nkhani, nambala yolemba ndi iti?

Vutoli silidziwika pa tsiku lolemba. Limadzatulukira maminitsi atatumizidwa kale, msungichuma akuwabweza ndi mawu akuti, "Nambala iyi si imene ndinanena." Mlembi akabwerera ku mawu ojambulidwa amapeza kuti palibe amene akunama. Nambalayo inatchulidwadi, ndipo ikumveka bwinobwino. Koma patangopita masekondi awiri mwiniwake anaisintha, kapena anadzaisintha patapita theka la ola nkhani ili kale pa mutu wina, ndipo kusinthako sikunafike papepala.

Alembi ambiri anaphunzitsidwa lamulo lachidule lakuti munthu akatchula nambala ziwiri, yolemba ndi yomalizayo. Lamuloli limagwira ntchito wolankhula akabwereza nambala yonse, monga "anabwera anthu 36, ayi pepani, anthu 38". Koma si kawirikawiri munthu kulankhula mwaudongo chonchi. Nthawi zina amakonza kachidutswa chabe ka nambala, nthawi zina amatchula yachiwiri asakufufuta yoyamba, ndipo nthawi zina amakonza ena atawerengetsera kale zinthu zina pa nambala yolakwikayo. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti pa nambala iliyonse yokonzedwa mudzifunse mafunso awiri: mawu okonzawa afufuta kuyambira pati mpaka pati, nanga n'chiyani china chimene chinatsamira pa nambala yofufutidwayo?

Chala choimitsa msanga

Tiyambe ndi gwero lofala kwambiri, lomwenso ndi losavuta kulithetsa. Munthu akamalemba kuchokera ku mawu ojambulidwa, khutu likangomva nambala chala chimathamangira kuimitsa mawuwo, poopa kuiwala. Amalemba nambala ija, n'kuyambitsanso. Tsoka lake n'lakuti mawu okonza amabwera pamalo omwewo pamene mwaimitsapo, ndipo amakhala aafupi ndi otsika: "aa", "ayi", "pepani". Poyambitsanso, kachigawo koyamba kamadutsa maso anu akadali pa zimene mwalemba, ndipo chimene mumamva ndi nambala yachiwiri yokha, imene mumaitenga ngati ya chinthu china kapena osaisamala n'komwe.

Mu 1983 katswiri wa zachilankhulo wa ku Netherlands, Willem Levelt, anasanthula malo 959 pamene anthu anadzikonza okha polankhula, ndipo anaonetsa kuti kudzikonza kumakhala ndi magawo atatu: mawu oyamba amene muli cholakwacho, kadukidwe kokhala ndi kuzengereza kapena kamawu kochenjeza, ndiyeno mawu okonza. Kwa mlembi phindu la zimenezi n'lakuti nambala isatengedwe kuti yatha kunenedwa mpaka magawo awiri otsatirawo atapatsidwa mpata wobwera. Choncho musaimitse pa nambala. Lolani chiganizo chithe, mumvenso chiyambi cha chotsatira, kenako imitsani. Ndipo poyambitsanso bwererani m'mbuyo pang'ono nthawi zonse, kuti polumikizira pamveke kawiri.

Mu VLC, pulogalamu yomvetsera mawu ndi kuonera makanema, pakompyuta ya Windows, `Shift` pamodzi ndi muvi wa kumanzere amabweza mawu masekondi 3, `Alt` ndi muvi womwewo amabweza masekondi 10. Batani la `[` limachepetsa liwiro pang'onopang'ono, ndipo `=` amalibwezera mwakale. Masekondi 3 amakwanira polumikizira, pamene 10 ndi a pamene mwamva "pepani" koma simukudziwa kuti akupepesera chiyani. Liwiro lichepetseni kamodzi kapena kawiri basi. Mukapitirira, mawu amayamba kukokeka ndipo timapeto ta mawu, tomwe mukufunato, timasokonekera.

Akakonza kachidutswa chabe

Tiyeni titenge zokambirana za komiti ina yongoyerekeza, zimene tiyende nazo mpaka kumapeto. Msonkhano unachitika Lachiwiri pa 4 Malichi 2025, ndipo msungichuma akufotokoza za mabuku amene anagula ndi ndalama zake, kuti komiti imubwezere. Pa 00:12:40 akumveka chonchi:

"Bambo wapampando, tinagula mabuku wani handiredi fifite, aa ayi, twente, pa 3,500 limodzi. Ndiye mabuku okha anakwana 420,000."

Wotsatira lamulo la nambala yomaliza alemba mabuku 20. Woimitsa msanga alemba 150. Onse awiri alakwa, chifukwa mayiyu anafufuta "fifite" yekha, "wani handiredi" anatsala m'malo mwake. Mabuku ndi 120. Mawu okonza ali ngati chigamba pa nsalu: chimaphimba pong'ambika pokha, kwinako nsalu ndi yomwe ija.

Mungadziwe bwanji kuti si 20? Choyamba ndi khutu. Mawu okonza amalowa m'malo mwa mnzake wofanana naye: makumi m'malo mwa makumi, tsiku m'malo mwa tsiku, mwezi m'malo mwa mwezi. Wolankhula amawagogomezanso, "TWEnte", ngati akuloza chala pamalo polakwikapo. Akanakhala kuti akutaya nambala yonse, akanabwerera poyambira n'kunena kuti "tinagula mabuku twente". Koma khutu palokha si mboni yokwanira pa nkhani ya ndalama. Mboni yachiwiri ili m'mawu a mwiniwake, popeza anatchula mtengo wa limodzi komanso wa onse. Yesani zonse zitatu. Mabuku 150 pa 3,500 akanakwana 525,000. Mabuku 20 akanakwana 70,000. Mabuku 120 ndi amene akukwana 420,000. Apa nkhani yatha, lembani 120 ndi mtima wokhazikika.

Chizolowezi chimenechi n'chofunika kuchigwira: nambala zambiri za m'misonkhano sizikhala zokha, zimakhala ndi abale ake. Kuchuluka, mtengo wa chimodzi ndi chiwonkhetso ndi banja limodzi, moti ziwiri zikadziwika chachitatu sichingabisale. Amuna, akazi ndi anthu onse pamodzi ndi banja lina. Ndalama zolowa, zotuluka ndi zotsala chimodzimodzi. Pamene wolankhula wadzikonza, funani abale a nambalayo m'mphindi ziwiri kapena zitatu zoyandikana, n'kuwerengetsera pafoni kapena papepala.

Kachidutswa kotsalira kangakhalenso kumapeto. Munthu akanena kuti "54 sauzande, ayi 45", "sauzande" uja sanachoke, ndipo yolemba ndi 45,000. Kangakhale muyeso: "makilomita 12, pepani 14" ndi makilomita ndithu. Koma samalani pamene muyesowo ndi umene wakonzedwa, monga "zitenga masabata atatu, aa, miyezi". Pamenepa 3 watsala ndipo chasintha ndi chimene akuwerenga. Cholakwa chotere n'chachikulu kuposa cha nambala, komabe chimadutsa mosavuta chifukwa maso a mlembi amakhala pa manambala okha.

Mawerengedwe athu a Chichewa alinso ndi kamsampha kawo. Wina akanena kuti "anabwera anthu makumi asanu", n'kupuma, kenako "ndi awiri", angakhale akuwonjezera anthu awiri kuti akwane 52, kapena akumaliza kunena makumi asanu ndi awiri, amene ndi 70. Akatchula "mphambu ziwiri" ndiye kuti ndi 52 mosakayikitsa. Akapanda kutchula, musasankhe potengera kutalika kwa kupumako. Funani m'bale wa nambalayo, monga mndandanda wa amene anasaina, kapena funsani mwiniwake. N'chimodzimodzi ndi "fifitini" ndi "fifite", "satini" ndi "sate": kusiyana kwake kuli kumapeto, ndipo kumapeto kwa mawu n'kumene kumatayika munthu akakhala kutali ndi chojambulira kapena wina akatsokomola.

Si "ayi" aliyense amene akukana

Cholakwa china chimachokera mbali inayo, pamene mlembi wazolowera kusaka kudzikonza mpaka kukuona pamene palibe. M'kulankhula kwathu "ayi" kawirikawiri amangotsegulira mawu. Munthu akafunsidwa mmene ntchito inayendera amati, "Ayi, inayenda bwino." Ndiye mukamva kuti "chaka chatha tinalembetsa ophunzira 300, ayi chaka chino 350", palibe chafufutidwa. Ndi nambala ziwiri za zaka ziwiri, ndipo zonse ziyenera kulembedwa. Poyesera pake ndi apa: kodi nambala yachiwiri ikunena za chinthu chomwecho, pa nthawi yomweyo? Ngati chinthu kapena nthawi yasintha, wolankhula akupitiriza nkhani chabe.

"Kapena" nayenso ali pawiri. "Kapena ndinene kuti 45" ndi kudzikonza. "Anali 40 kapena 45" ndi kuyerekeza, ndipo munthuyo akuvomereza kuti sakudziwa bwino. Mukalemba 45 yokha mwamupatsa kutsimikiza kumene iye analibe, ndipo tsiku lina adzafunsidwa za nambala imene sanailonjeze. Lembani kuti "pakati pa 40 ndi 45, mongoyerekeza". Mawu monga "pafupifupi", "cha m'ma", "osachepera" ndi "oposa" ndi mbali ya nambalayo. Munthu akati "500, tinene kuti pafupifupi 500", wakonza ndithu, ngakhale manambala sanasinthe.

Nanga akakonza ndi munthu wina? Membala akuti, "Mayi msungichuma, si 45, ndi 48." Mayiyo akuti, "Mm." Kenako wapampando akupita pa mutu wina. "Mm" ameneyu angakhale kuvomera, angakhale kungosonyeza kuti wamva, angakhalenso ulemu wa munthu wosafuna kutsutsana pagulu. M'chipindamo mwina anagwedeza mutu kapena kutsegula kope lake, koma chojambulira mawu sichiona. Ine ndimawerengera kuti nambala yasintha pokhapokha mwiniwake akaibwereza ndi pakamwa pake, kapena akanena momveka kuti "zoona, ndi 48". Kupanda apo, zolembedwa zisunge zonse ziwiri ndi eni ake: msungichuma ananena 45, membala wina anati 48, nkhani sinamangidwe.

Kukonza kobwera mochedwa

Apa ndi pamene pamagona vuto lenileni, ndipo kubweza masekondi 10 sikungathandize. Tibwerere ku komiti ija. Pa 00:13:20 msungichuma akuti, "Zamayendedwe zinakwana 54,000." Pa 00:13:35 akuti, "Zonse pamodzi 474,000." Pa 00:15:05 wapampando akufunsa ngati onse akuvomereza kuti mayi msungichuma abwezeredwe 474,000, ndipo onse akuvomera. Msonkhano ukupita pa nkhani zina. Pa 00:41:10, anthu ali mkati mokambirana za malo ochitira maphunziro, mayi aja akulowerera:

"Pepani bambo wapampando, ndibwerere pang'ono. Zamayendedwe zija ndinati 54, ndaona pa lisiti, ndi 45."

Wapampando akuti, "Zikomo mayi, alembi amva," ndipo nkhani ya malo ikupitirira.

Mlembi amene amalemba chigawo ndi chigawo, kutseka mutu uliwonse akaumaliza, angalembe mawuwa pansi pa mutu wa malo, n'kusiya 54,000 ali chikhalire kumtunda. Wina angawadumphe chifukwa sakugwirizana ndi mutu umene akulemba. Wakhama angabwerere kukasintha 54,000 kukhala 45,000, koma n'kuiwala kuti 474,000 anabadwa kuchokera ku 54,000. Maminitsi ake adzanena kuti 420,000 kuwonjezera 45,000 ndi 474,000, pamene ndi 465,000.

Mankhwala ake ndi kaundula wa manambala, pepala lapadera limene limayenda pambali pa zolemba zanu. Nambala, tsiku kapena ndalama iliyonse ikatchulidwa, lembani mzere umodzi: nthawi yake m'zojambulidwa, amene wanena, chinthu chake, ndi nambalayo monga wainenera. Siyani mpata kumanja. Kaundula wa komiti yathu akuoneka chonchi mukamaliza:

00:12:40, msungichuma, mabuku: 150, anakonza pomwepo kukhala 120. Zatsimikizika ndi 420,000.
00:13:20, msungichuma, mayendedwe: 54,000. Anakonza pa 00:41:10 kukhala 45,000, akuti waona lisiti.
00:13:35, msungichuma, zonse pamodzi: 474,000. Yatsamira pa 54,000. Sanainenenso.
00:15:05, wapampando, chigamulo chobweza: 474,000. Yatsamira pa mzere wa pamwambapa. Sichinasinthidwe.

Ntchito yake ndi yochepa, koma imasintha kalembedwe konse. Nambala iliyonse ya m'zolemba zanu imakhala yongogwirizira mpaka mutamva zojambulidwa zonse, ndipo mumadzaikhazikitsa pomaliza, mukuyang'ana kaundula. Mukamva mawu obwerera m'mbuyo, "zija ndinanena zija", "ndibwerere pang'ono", "ndinalakwitsa paja", mumapita pa kaundula, osati kusakasaka m'masamba asanu. Mukapeza mzere wokonzedwawo, tsikani nawo mizere yonse ya pansi pake mukufunsa kuti ndi iti inawerengetseredwa kuchokera pamenepa. Ngati mumagwiritsa ntchito Audacity, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu, `Ctrl+M` amaika chizindikiro pamalo pamene mawu afika osaimitsa, moti pomvetsera koyamba mungathe kungodinda paliponse pamene nambala yamveka.

Tsopano funso lovuta: pa chigamulo mulembe 474,000 kapena 465,000? Masamu akuti 465,000, ndipo n'zachidziwikire kuti ndi zimene komiti ikanafuna. Komabe komiti sinavomereze 465,000. Palibe amene anaitchula, ndipo chimene anthu anavomera pa 00:15:05 ndi 474,000. Mlembi akasintha yekha nambala ya chigamulo ndiye kuti wapanga chigamulo chimene msonkhano sunapange. Lero wasintha molondola, koma khomo lomwelo ndi limene mawa wina adzalowere kusintha molakwika, ndipo anthu akadziwa kuti manambala a m'maminitsi amakonzedwa mwakachetechete sadzawakhulupiriranso. Mawu a wapampando akuti "alembi amva" akuloleza kukonza nambala ya mayendedwe, imene mwiniwake anaikonza pamaso pa onse. Sakufika pa chigamulo. Ine ndingalembe chonchi:

"Msungichuma anafotokoza kuti anagula mabuku 120 pa mtengo wa 3,500 limodzi, okwana 420,000, ndipo zamayendedwe zinakwana 45,000 (poyamba ananena 54,000, anakonza msonkhano uli mkati atayang'ana lisiti). Komiti inavomereza kumubwezera 474,000. Chidziwitso cha mlembi: chigamulochi chinapangidwa nambala ya mayendedwe isanakonzedwe. Potengera 45,000, zonse pamodzi zikukwana 465,000. Komiti itsimikize ndalama yobweza."

Ndipo popeza ndalama zikhoza kutuluka msonkhano wina usanachitike, musadikire kuti anthu adzawerenge okha. Dziwitsani wapampando ndi msungichuma tsiku lomwelo.

Pali kachizindikiro kena kamene owerengera ndalama amakadziwa kalekale. Manambala awiri akasinthana malo, monga 54 ndi 45, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa 474,000 kuchotsa 465,000 ndi 9,000. N'chimodzimodzinso ziro akawonjezeka kapena kusowa: 45,000 kuchotsa 4,500 ndi 40,500, amene akugawika ndi 9. Ndiye chiwonkhetso chonenedwa chikasiyana ndi chimene mwawerengetsera, gawani kusiyanako ndi 9. Kukagawika, yambani kusaka pa nambala yotembenuzika kapena ziro wotayika, ndipo mwina mupeza kukonza kumene munakudumpha. Musakadalire mopitirira: kamangokuuzani poyambira kusaka, ndipo nambala imodzi pa 9 zilizonse imagawika ndi 9 mwangozi chabe.

Masiku

Tsiku lili ndi ubwino umodzi, wakuti m'bale wake ali pa kalendala. Pa 00:52:30 wapampando akutseka msonkhano:

"Tidzakumanenso Lachinayi likubwerali, pa 6. Ayi, pa 6 ndidzakhala pa ulendo. Tinene Lachinayi linalo, pa sat…"

Apa wina akukoka mpando, ndipo simungasiyanitse ngati anati "satini" kapena "sate". Tsegulani kalendala ya Malichi 2025. Pa 6 ndi Lachinayi, pa 13 ndi Lachinayi, pa 30 ndi Lamlungu. Mawu akuti "Lachinayi linalo" akugwirizana ndi 13 yekha. Mu Excel kapena Google Sheets mungathe kuyesa motere:

```
=WEEKDAY(DATE(2025,3,13),2)
```

Yankho likhala 4, ndipo ndi 2 wa kumapetoyo kuwerenga kumayambira Lolemba, moti 4 ndi Lachinayi monga mmene timawerengera kale.

Onani kuti zimene wachita wapampandoyu n'zosiyana ndi za msungichuma. Lilime silinaterereke, wasintha maganizo. M'maminitsi zonse ziwiri zimathera pa nambala yachiwiri, koma posintha maganizo ndi bwino kumvetsera masekondi ena angapo, chifukwa tsiku latsopano limakhala ngati pempho, ndipo wina akhoza kulikana n'kupereka lachitatu. Tsiku lolemba ndi limene gulu lakhazikikapo.

Kalendala ili ndi malire ake. M'chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 28, miyezi ya Febuluwale, Malichi ndi Novembala imayamba tsiku lofanana la sabata. Pa 13 Febuluwale 2025 panalinso Lachinayi. Ndiye munthu akati "Lachinayi pa 13 Febuluwale, aa, Malichi" ndipo mawu omalizawo sakumveka bwino, kalendala ivomera zonse ziwiri. Pamenepa chothandiza ndi tsiku la msonkhano ndi nthawi ya mneni: "tidzakumana" wonenedwa pa 4 Malichi sangaloze ku Febuluwale wa chaka chomwecho. Komanso tsiku la sabata ndi deti zikatsutsana, monga munthu kunena kuti "Lachisanu pa 13" pamene 13 ndi Lachinayi, kalendala yakuuzani kuti pali cholakwa koma sinakuuzeni kuti chili mbali iti. Ena amakumbukira bwino tsiku la sabata, ena deti. Funsani.

"Dzulo", "dzana", "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" zimawerengedwa kuchokera pa tsiku limene mawu anajambulidwa, osati limene mukulemba. Deti ya fayilo musaikhulupirire, imatha kusintha fayilo ikatumizidwa kapena kukoperedwa. Ngati ndinu amene mumajambula, tchulani tsiku, mwezi ndi chaka poyamba penipeni. M'mwezi wa Januwale tcherani khutu pa chaka, popeza pakamwa pamakhala pasanazolowere chatsopano, ndipo kawirikawiri munthu sadzikonza n'komwe.

Polemba, mwezi ulembeni ndi mawu. 04/03/2025 kwa ambiri ndi 4 Malichi, koma kwa wowerenga wa ku United States ndi 3 Epulo, ndipo kompyuta yotcheredwa mwa kumeneko idzaitenga choncho. Pa kaundula ndi pa mayina a mafayilo mungagwiritse ntchito kalembedwe ka ISO 8601, kamene kanakhazikitsidwa mu 1988, koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2025-03-04.

Zimene zimafika papepala

Musanayambe, dziwani mtundu wa zolemba zimene akufuna. Ngati ndi za mawu ndi mawu, monga za kafukufuku, za mlandu kapena za kufunsidwa mafunso pa nkhani ya chilango kuntchito, palibe chochotsa. Kudzikonzako ndi umboni pakokha, ndipo wowerenga ayenera kuona kuti munthuyo anayamba wati chiyani. Lembani monga ananenera, ndi kamzere podukira, ndipo kumvetsa kwanu kukhale m'mabulaketi kuti kusasakanikirane ndi mawu ake: "mabuku 150, aa ayi, twente [120]". Apa "twente" ndamusiya dala m'mawu, chifukwa kulemba 20 kukanasokeretsa, ndipo kulemba 120 kukanamuika munthu m'kamwa mawu amene sananene. Kukonza kochedwa kumakhala pamalo pamene kunanenedwa, koma pa nambala yoyamba ikani kalozera: "54,000 [anakonza pa 00:41:10]". Munthu wofuna nambala imodzi sawerenga masamba onse.

M'maminitsi ndi m'malipoti achidule, kuterereka kwa lilime kumene kunakonzedwa pomwepo, palibe amene anatsamirapo, kutayeni. 150 uja alibe ntchito m'maminitsi. Kukonza kumasungidwa ngati kunabwera mochedwa, ngati kunachokera kwa munthu wina, kapena ngati pakati pake panapangidwa chiwonkhetso kapena chigamulo.

Zikakanika zonse, khutu, masamu ndi kalendala, musalembe nambala imene ikuoneka yanzeru. Lembani zimene zikutheka ndi nthawi yake: "[15,000 kapena 50,000, sizikumveka, 00:27:48]". Nambala yongopeka ikalembedwa mwaudongo imaoneka ngati yotsimikizika, ndipo palibe amene adzaiyang'anenso. Pomvetsera malo oterewa gwiritsani ntchito mahedifoni, ndipo mukapempha mnzanu kuti amve, musamuuze zimene inu mukuganiza kuti mwamva, chifukwa khutu limamva zimene lauzidwa. Muyambitsireni masekondi 20 m'mbuyo, alembe yekha papepala, kenako mufananitse.

Pofunsa mwiniwake, funso likhale lotseka pakhomo pa kuyankha mwachisawawa. Mukafunsa kuti "Zamayendedwe zinali 45,000 eti?", munthu wotanganidwa angoti "eya". Ndi bwino kulemba kuti: "Mayi msungichuma, pa mphindi 13 munatchula 54,000 ya mayendedwe, pa mphindi 41 munati 45. Chonde ndiuzeni nambala yonse imene ili pa lisiti." Akayankha nambala yachitatu, tinene 46,500, imeneyo si ya msonkhano uja. Zolemba zisunge zimene zinanenedwa, ndipo 46,500 ilowe ngati chidziwitso cha pambuyo pa msonkhano, ndi tsiku limene yaperekedwa komanso amene waipereka. Fayilo ya mawu ndi kaundula wanu zisungeni mpaka maminitsi atavomerezedwa pa msonkhano wotsatira, kapena kupitirira apo ngati malamulo a bungwe lanu akutero, kuti wofunsa za 474,000 mudzangomutsegulira pa 00:15:05 ndi pa 00:41:10 amve yekha.